Kapepala kamene ndinawalembera amayi foni yawo ikuyankhula Chijeremani

Amayi anasowa pa WhatsApp masiku awiri athunthu. Lachiwiri m'mawa ndinawatumizira moni ndili pa siteji ya ku Matawale, uthenga n'kuima ndi kachongi kamodzi kotuwa. Lachitatu chimodzimodzi. Munthu woti tsiku lililonse ankanditumizira mawu ofunsa ngati nkhuku zawo zikutsekeredwa, ndiye angoti zii? Usiku wake ndinaimbira mchemwali wanga amene amayi anapita kukamuthandiza kulera khanda ku Jeremani, ndipo iye anangoseka moziziritsa nkhani: “Ali bwinobwino, akudya. Koma foni aikulunga m'chitenje, akuti yadwala.”

Foni imeneyo inali Samsung yakale ya alamu anga, amene ndi mbadwa ya konko. Anawapatsa atangofika mu Juni chifukwa kafoni kamene anachoka nako kuno kanali kosweka sikirini. Anaikamo simu khadi ya kumeneko, koma WhatsApp anaisiya pa nambala yawo ya kuno kuti anzawo a Mvano asawasowe. Chilichonse cha m'fonimo chinali m'Chijeremani. Amayi amawerenga Chichewa bwinobwino, Baibulo ndi nyimbo sawathandiza munthu, Chingerezi amangotolatola, koma Chijeremani sanachilotepo. Kwa masabata asanu ndi awiri panalibe vuto, poti ankayendera zithunzi: kobiriwira kaja n'kolankhulira ndi ana, kakamera n'kojambulira mdzukulu. Tsoka linabwera foni itayamba kuwalembera mawu.

Ndikulemba izi chifukwa ndinalakwitsa kawiri ndisanapeze njira, ndipo ndikudziwa kuti sindili ndekha amene kholo lake lili kunja ndi foni ya chilankhulo chachilendo. Kaya ndi Chipwitikizi, kaya Chiarabu, mawu adzasiyana koma misampha yake ndi yomweyi.

Tinagwirizana kuti mchemwali wanga andiimbire pa vidiyo ndi foni yake, n'kulozetsa kamera pa foni ya amayi. Mwayi wake unali woti m'miyezi imeneyo nthawi ya ku Jeremani ndi ya kuno imafanana (kukazizira kwawoko amatsalira ndi ola limodzi), ndiye 8 koloko ya usiku inatikomera tonse. Amayi atatsegula WhatsApp sinatseguke. Panabwera tsamba la mawu ambirimbiri ndi batani lowatumiza kukatenga WhatsApp yatsopano. Akadina, foni inkawapititsa ku Play Store, pamene panali mawu akuti `Aktualisieren`. Akadinanso pamenepo, kachinthu kankazungulira pang'ono, kenako n'kutuluka uthenga wina wokhala ndi mawu akuti `Speicherplatz`. Iwo ankabwerera, n'kuyambiranso, mpaka anatopa n'kuikulunga.

Apa panali mavuto awiri atagwirana manja. WhatsApp ikakalamba kwambiri osaisintha, limafika tsiku loti imakana kutseguka mpaka mutaika yatsopano. Koma yatsopanoyo imafuna pokhala, ndipo m'foni munalibe malo. `Aktualisieren` ndi mawu otanthauza kuika chatsopano m'malo mwa chakale, chimene ambiri timangoti apudeti. `Speicher` ndi nkhokwe ya foni, `Speicherplatz` ndi malo a m'nkhokwemo, ndipo `voll` ndiye kuti yadzadza. Nditawafotokozera amayi kuti foni sikudwala, yangodzadza ngati nkhokwe yoti simungathiremonso dengu lina, anandiyankha kuti: “Nanga inadzadza ndi chiyani, ine sindinaikemo kanthu?”

Funso limenelo ndi labwino, ndipo yankho lake linandidabwitsa inenso. Kuno ku Zomba foni ya amayi sinadzadzepo, chifukwa bandulo inali yowerengera. Vidiyo ikabwera pa gulu ankaiyang'ana kukula kwake, n'kuidumpha. WhatsApp ikakhala monga imabwerera, pa bandulo imadzitengera yokha zithunzi basi, koma ikalumikizidwa pa wayifayi imatenga chilichonse, mavidiyo ndi nyimbo zomwe, popanda kufunsa. Kunyumba kwa mchemwali wanga wayifayi ndi ya usana ndi usiku. Ndiye kwaya iliyonse imene amayi a Mvano ankatumiza, ulaliki wa pa maliro, chinkhoswe cha ku Songani, vidiyo yomweyo yotumizidwa pa magulu atatu, zonse zinkalowa m'foni mwakachetechete amayi ali mtulo.

Koma amayi sanangokhala. Chenjezo la `Speicher` litayamba kubwera sabata yapitayo, mayi wina woyandikana nawo anawauza ndi manja kuti afufute zithunzi. Iwo analowa momwe mumakhala zithunzi n'kufufuta zimene ankaziona pamwamba, zomwe zinali za mdzukulu wawo: tsiku loyamba kumusambitsa, tsiku lotuluka naye kukayenda. Anafufuta zoposa 400, mtima ukuwawa, koma chenjezo silinachoke. Pondiuza zimenezi mawu awo anasintha, ndipo ndinazindikira kuti chimene chinawakulungitsa foni m'chitenje sichinali Chijeremani chokha.

Apa m'pamene ndinawapatsa nkhani yabwino yoyamba. Pa Samsung, chithunzi mukachifufuta sichichoka nthawi yomweyo. Chimapita ku malo otchedwa `Papierkorb`, kutanthauza basiketi ya zinyalala, ndipo chimakhala mmenemo masiku 30 chisanatayidwe zenizeni. Zili ngati kusesa m'nyumba n'kuunjika zinyalala kuseri kwa chitseko: pansi paoneka poyera, koma zinyalala zikadali m'nyumba momwemo. N'chifukwa chake malo sanawonjezereke ngakhale pang'ono. Mchemwali wanga anatsegula `Papierkorb` ija, n'kusankha zonse, n'kudina `Wiederherstellen`, mawu otanthauza kubwezeretsa. Zithunzi zonse zinabwerera. Amayi anaomba m'manja ngati alandira mlendo.

Kenako ndinachita changa chopusa. Ndinkadziwa kuti pa foni yanga ndikafuna malo msanga ndimalowa mu pulogalamu n'kuchotsa tizinyalala timene imasunga kwakanthawi. Khanda litalira, mchemwali wanga anaimika foni yake pa tebulo moyang'ana kudenga n'kuthamangira kuchipinda, ine n'kupitiriza kuwatsogolera amayi ndi mawu okha, osaona chimene akudina. Ndinawalowetsa mu `Einstellungen`, pa kachizindikiro kangati giya kaja, kenako `Apps`, kenako WhatsApp, kenako `Speicher`. Mmenemo pansi pake pali mabatani awiri oyandikana ngati mapasa. Ndinati: “Amayi, dinani lofufutira.” Iwo anafunsa: “Liti? Alipo awiri.” Ndinatsala pang'ono kunena kuti lililonse. Chimene chinandipulumutsa n'choti amayi ali ndi chizolowezi chowerenga mokweza chilembo chimodzichimodzi, ndipo anayamba: “D, a, t, e, n…”

Ndinakuwa moti ana anga anadzidzimuka. Batani limodzi ndi `Cache leeren`, limene limachotsa tizinyalala tija ndipo silivulaza kanthu. Linalo ndi `Daten löschen`, limene limaibwezera pulogalamu pa chiyambi ngati yangoikidwa kumene. Akanadina limenelo n'kuvomera, WhatsApp ikanawaiwala, n'kufuna kuti alembetsenso nambala, n'kutumiza manambala asanu ndi imodzi otsimikizira ku simu khadi ya kuno. Simu khadiyo inali m'kabati mwawo ku Chinamwali, m'kabotolo ka mankhwala, m'nyumba yokhoma, ndipo kiyi anali ndi amalume amene anali atapita kumudzi. Komanso mauthenga akale akanabwerera pokhapokha ngati panali kope losungidwa, ndipo panthawiyo palibe mmodzi wa ife anali ataonapo ngati lilipo. Tsiku lotsatira ndinakasaka kiyi uja n'kukatenga simu khadiyo, ndipo ndinaiika m'kafoni kakang'ono kamene kamakhala koyaka kunyumba kwanga. Ngati kholo lanu lili kunja koma WhatsApp ili pa nambala ya kuno, dziwani lero kumene simu khadiyo ili, ndipo muziigwiritsako ntchito mwa apo ndi apo kuti isafe.

Kuchokera usiku umenewo ndinadziikira lamulo loti sindidzawauzanso amayi kudina chinthu chimene maso anga sakuchiona.

Mchemwali wanga atabwerera tinayamba mwadongosolo, poona kaye manambala. Foniyo ndi ya 32 GB, ndipo inkaonetsa kuti 31,4 GB yatha. Onani kuti pakati pa manambalawo pali koma, osati kadontho. Ajeremani amalemba choncho, ndipo 31,4 ndi imene ife timalemba 31.4, osati 314. Motero malo otsala anali ochepera 1 GB. Gawo lalikulu ndithu linali la foni yeniyeniyo, mapulogalamu oiyendetsa, limene simungalikhudze. Mwa zotsalazo, WhatsApp yokha inali itadya 6,8 GB, ndipo panalinso magemu awiri akale a alamu anga amene anali pafupifupi 2 GB. Zithunzi za mdzukulu zija, zimene amayi anadzimana, sizinali m'gulu la olakwa n'komwe.

Popeza WhatsApp inkakana kutseguka, tinayambira pa magemu. Alamu anga anawachotsa okha, pa batani la `Deinstallieren`, ndipo malo amenewo anakwanira kuti `Aktualisieren` iyende. Pasanathe mphindi zitatu WhatsApp inatseguka, mauthenga a masiku awiri n'kukhuthuka ngati mvula ya mu Januwale. Kenako tinalowa m'kati mwa WhatsApp momwemo: timadontho titatu ta pamwamba kumanja, `Einstellungen`, `Speicher und Daten`, `Speicher verwalten`. Tsamba limeneli ndi limene ndimalikonda, chifukwa limaika poyera zinthu zoposa 5 MB pazokha, zotumizidwa kambirimbiri pazokha, ndipo pansi pake limandandalika magulu ndi anthu kuyambira amene adya malo ambiri. Gulu la Mvano linali pamwamba penipeni, la banja lathu n'kutsatira.

Sitinafufute mwachimbulimbuli. Amayi anakhala pampando ngati a khoti, mchemwali wanga akuwaonetsa vidiyo imodziimodzi mwa zikuluzikulu. Ya maliro a mnzawo wa ku Thondwe anati isakhudzidwe. Nyimbo zitatu za kwaya anati zikhale. Zotsalazo, mavidiyo 203, zinapita, ndipo zinabweza 4,9 GB. Pofika 10 koloko foni inkaonetsa 24,5 GB, kutanthauza kuti malo oposa 7 GB anali apululu. Kufufuta vidiyo pa tsamba limenelo kumaichotsa m'foni mwanu mokha, anzanu a pa gulu saona kusintha kulikonse. Ndinayenera kunena zimenezi kawiri, chifukwa amayi ankaopa kuti amayi abusa aona kuti ulaliki wawo wafufutidwa.

Chomaliza usiku umenewo chinali kutseka pamene madzi ankalowera. Pa tsamba lomwelo la `Speicher und Daten` pali mzere wokhala ndi mawu akuti `WLAN`, lomwe ndi dzina la wayifayi m'Chijeremani. Mukaudina pamabwera timabokosi, ndipo tinachotsa chongi pa `Videos`. Tsopano vidiyo imangooneka ndi kamuvi koloza pansi ndi kukula kwake, monga momwe ankaionera kuno, ndipo imalowa pokhapokha iwo ataidina. Mukapanda kuchita ichi, mwezi wamawa mudzakhalanso pa vidiyo 8 koloko ya usiku.

Ena andifunsa chifukwa chake sitinangosintha chilankhulo cha foni. Njira yake ndi yapafupi, pa Samsung ndi `Einstellungen`, `Allgemeine Verwaltung`, `Sprache`, ndipo ngati kholo lanu limamva Chingerezi sinthani lero lomwe. Ife tinakambirana n'kusiya. Kwa amayi, chenjezo la Chingerezi likanakhala lachilendo pafupifupi mofanana. Ndipo masana, ana ali ku ntchito, anthu amene akanatha kugwira foniyo m'manja n'kuwathandiza anali amayi ake a alamu anga ndi mayi woyandikana naye uja, onse owerenga Chijeremani chokha. Kuwonjezera apo, mameseji a kampani ya foni ndi zotsatsa za pa intaneti zikanabwerabe m'Chijeremani ngakhale titasintha.

M'malo mwake ndinalemba kapepala. Poyamba ndinadzaza masamba awiri a kope, mawu pafupifupi 30 ndi matanthauzo ake, ndikudziona ngati mphunzitsi wa ku Chanco. Mkazi wanga atawerenga anandifunsa ngati ndikufuna apongozi ake alembe mayeso. Ananena zoona. Munthu wamantha, magalasi ali kuchipinda, khanda lili kumsana, sangasake mawu pa mndandanda wa 30. Ndinang'amba n'kuyambiranso, ndipo chimene chinatsala ndi ichi, cholembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, chimene mchemwali wanga anakopera pa katoni n'kumata pa chitseko cha fuliji:

AWA DINANI OSAOPA
`Später` ndiye kuti “nthawi ina”.
`Abbrechen` ndiye kuti “ndaleka, bwerera”.

AWA JAMBULANI MUNDITUMIZIRE, SI ZACHANGU
`Speicher` kapena `voll`: nkhokwe yadzadza.
`Update` kapena `Aktualisieren`: foni ikufuna zatsopano.

AWA MUSADINE MULI NOKHA
`Löschen`: kufufuta.
`Zurücksetzen`: kubwezera foni pa chiyambi.
`Installieren`: kulowetsa chinthu.

Sindinawaphunzitse katchulidwe. Ndinawauza kuti aziyang'ana maonekedwe a liwu monga momwe amazindikirira chitenje chawo pa chingwe. `Später` ali ndi a wa timaso tiwiri. `Löschen` ali ndi o wa timaso tiwiri, ndipo amayamba ndi L. Poti onse awiri ali ndi timaso, ndinatsindika kuti wa S ndi mnzawo, wa L ndi woluma. Amayi anagwira msanga kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo `Später` anamupatsa dzina loti “shipeta”, lomwe silili kutali kwenikweni ndi mmene eni ake amanenera.

Mfundo yaikulu ya kapepalako ili pa mzere wapakati paja, pamene ndinalemba kuti si zachangu. Chenjezo lenileni la foni limadikira. Nkhokwe ikadzadza, zimene zilimo sizitayika; foni imangolemera, kamera imakana kusunga chithunzi chatsopano, mavidiyo amakana kulowa. Apudeti yeniyeni nayonso imalola kuti muikankhire mawa. Chimene sichilola ndi kuikankha miyezi, monga zinachitikira ndi WhatsApp ija. Ndiye kholo lingathe kudina `Später`, n'kupitiriza kuphika, mwana n'kudzaona madzulo.

Kuti ndiziona, ndinawaphunzitsa kujambula sikirini: kupanikiza pamodzi batani lozimitsira foni ndi lochepetsera mawu, kamodzi, mwachidule. Masiku oyamba ankagwira nthawi yaitali ndipo pankatuluka zina. Tinayeserera mpaka zinatheka, ndipo tsiku limene zala zakana, ankangoitana aliyense ali pafupi kuti ajambule ndi foni ina.

Chithunzi choyamba chimene ananditumizira okha chinandifika ndili mu msika wa Zomba, ndikugula nyemba. Sikirini yonse inali yofiira, pali `Achtung` ndi `Virus` m'zilembo zikuluzikulu, nambala ya mavayilasi amene akuti apezeka, wotchi yowerenga masekondi chobwerera, ndi batani lalikulu lolembedwa mawu oyamba ndi `Jetzt`, kutanthauza “pompano”. Pansi pa chithunzicho panali mawu awo akunjenjemera: “Mwanangu, iyi yafiira ndipo ikunjenjemera. Shipeta palibe.” Ndinaima pakati pa anthu n'kukulitsa chithunzicho. Pamwamba penipeni panali kamzere ka adiresi ya intaneti. Amayi anali atadina ulalo wa nyimbo umene wina anatumiza pa gulu, ndipo tsamba limene linatsegukalo ndi limene linkadzipanga ngati foni.

Ndinawauza kuti asadine paliponse pa tsambalo, ngakhale pa kamtanda kotsekera, chifukwa nthawi zina nakonso ndi msampha. Adine batani lapakati la pansi pa foni lobwerera kunyumba, kenako la timizere titatu loonetsa zonse zotseguka, n'kulikankhira tsambalo m'mwamba. Chinthucho chinatha pomwepo. Tsamba la pa intaneti silingathe kusanthula foni yanu n'kuwerenga mavayilasi. Chimene limafuna n'choti mudine n'kulowetsa pulogalamu yawo kapena kulembetsa zolipira. Madzulo ake tinawonjezera mzere umodzi pansi pa katoni ija: “Chikakufulumizitsani, chikawerenga masekondi, kapena chikasowa shipeta, n'chabodza.” Ndipo kwa ife ana, njira yotsimikizira ndi imodzi: osakhulupirira uthenga umene wakupezani, koma kupita nokha kukayang'ana. Za foni yeniyeniyo zimapezeka mu `Einstellungen` pa `Software-Update`, za mapulogalamu zimapezeka mu Play Store. Ngati kumeneko kulibe chimene chikudikira, ndiye kuti uthengawo unali wa anthu ena.

Pali mitundu inanso iwiri ya “kudzadza” imene inatisokoneza pang'ono, ndingoitchula mwachidule. Tsiku lina kunabwera uthenga wa `Speicher` wochokera ku Google, woitanira kugula malo owonjezera. Imeneyo si nkhokwe ya m'foni, ndi ya pa intaneti, ya 15 GB yaulere imene makalata, zithunzi zokwezedwa ndi kope la WhatsApp zimagawana. Kuchotsa magemu m'foni sikuithandiza, ndipo kholo lisalembetse zolipira lokha. Winawo ndi mawu akuti `Arbeitsspeicher`, amene ali ndi `Speicher` kumapeto koma ndi chinthu china: ndi ngati tebulo logwirirapo ntchito, osati nkhokwe, ndipo nambala yake ikaoneka yokwera si chifukwa chofufutira chithunzi ngakhale chimodzi.

Apudeti yaikulu, ya foni yeniyeniyo, tinaichita Lamlungu masana onse ali pakhomo. Inali itadikira nthawi yaitali chifukwa nayonso inkasowa malo. Tinaika foni pa tchaja, tinaonetsetsa kuti ili pa `WLAN`, n'kudina `Jetzt installieren`. Amayi ndinawachenjezeratu kuti foni izima yokha, iyakanso, ionetsa kamzere koyenda pang'onopang'ono, ndipo mwina itentha pang'ono, koma asaizimitse kapena kupanikiza mabatani. Inatenga pafupifupi mphindi 20.

Chimene ndinaiwala kuwachenjeza chinabwera itayaka. Foni inafunsa `PIN` ya simu khadi. Kuno ambirife simu khadi zathu sizifunsa kanthu foni ikayaka, koma ya amayi ya kumeneko inali yokhoma, ndipo chiipatsidwire foniyo inali isanazimepo. Amayi analemba manambala amene amatsegulira sikirini, foni n'kukana. Analembanso omwewo, n'kukananso. Mwamwayi alamu anga anasuzumira asanalembe kachitatu, chifukwa ukalakwitsa katatu simu khadi imadzikhoma n'kufuna nambala ina yaitali ya manambala asanu ndi atatu, yotchedwa `PUK`, imene imakhala pa kapulasitiki kapena kalata imene simu khadiyo inabwera nayo. Anakasaka kalatayo m'madirowa, `PIN` yolondola n'kupezeka. Itadutsa pamenepo foni inafunsanso manambala a sikirini, chifukwa ikangoyaka kumene chala sichitsegula mpaka mutalemba manambalawo kamodzi. Choncho musanadine apudeti yaikulu, manambala awiriwa akhale pa pepala patsogolo panu, ndipo mulembe pambali pake kuti iyi ndi ya simu khadi, iyi ndi ya sikirini. Ife tinawalemba kuseri kwa katoni, osati kutsogolo kumene mlendo aliyense angaone.

Masabata otsalawo ndinalandira zithunzi za sikirini zisanu ndi chimodzi. Zinayi zinali zongodina `Später` n'kudikira mchemwali wanga, chimodzi chinali tsamba lofiira lina limene amayi anali atalikankhira kale m'mwamba asananditumizire, ndipo chomaliza chinali chithunzi cha chala chawo chimene anajambula mwangozi.

Anabwerera kumayambiriro kwa Sepitembala, masiku 90 a chitupa chawo asanakwane, ndipo ndinakawachingamira ku Chileka. Foni anabwera nayo, katoni ija anaipinda pakati n'kuisunga m'buku la nyimbo. Tili m'galimoto chakumtunda kwa Namadzi ndinawabwezera simu khadi yawo, n'kuwauza kuti tikafika ku Chinamwali ndiisinthe foniyo ikhale ya Chingerezi, poti kuno palibe wowerenga Chijeremani. Anaigwira mwamphamvu n'kuibisa m'chikwama.

“Ayi, isiye. Mawu ake ndinawazolowera kale. Ukasintha, woluma uja ndimudziwa bwanji?”